Soli ya nsapato yovinira ndi fulo yomwe mukuvinirapo: bondo likamawawa yambani mwayang'ana kunsi

"Ndayamba kuvina salisa ndi kizomba chaka chatha. Timaphunzira mu holo ya matabwa, koma maphwando ambiri amakhala pa matailosi, pena pa simenti. Ndimavala masinika anga a labala ndipo bondo la kumanja limawawa ndikazungulira kwambiri. Mwezi wamawa tili ndi chionetsero pa siteji yoyalidwa chimphasa chakuda chija. Anzanga akuti ndigule za suwedi basi zithetsa zonse. Kodi peyala imodzi ingakwane malo onsewa?"

Achemwali, ndiyambe ndi bondolo chifukwa ndi limene landikhudza kwambiri, nsapato mutha kugula ina mawa koma bondo ndi lomwelo. Mukamazungulira, thupi lonse limakhala laimira pa kamalo kakang'ono kwambiri, pa nkhwawa ya phazi paja kuseri kwa zala, makamaka pansi pa chala chachikulu ndi chachiwiri chake. Mapewa ndi chiuno zikayamba kutembenuka, phazi nalo liyenera kutembenuka nthawi yomweyo. Ndiye labala wa masinika anapangidwa kuti achite zosiyana ndi zimenezo, ntchito yake ndi kugwira pansi kuti othamanga asaterere. Chimachitika ndi chakuti chiuno chapita kale, ntchafu ikutsatira, koma phazi lakakamira pomwepo, ndipo kupotokola konseko kumathera pa bondo lomwe lili pakati. Bondo limapinda kutsogolo ndi kumbuyo bwinobwino, koma kupotokola silipirira kwambiri, makamaka litasenza thupi lonse. Usiku umodzi wa salisa mzimayi amatembenuzidwa kambirimbiri, ndiye tangoganizani kupotokola pang'onopang'ono kumeneko sabata ndi sabata.

Nde yankho langa ndi lakuti anzanuwo anena zoona theka. Suwedi akuthandizani kwambiri mu holo ya matabwa ija, koma peyala imodzi siikwana malo onse anayi mwatchulawo, ndipo mukaikakamiza mudzaiwononga pa simenti usiku umodzi wokha. Nsapato yovinira siikhala yabwino payokha, imakhala yabwino pa fulo inayake. Chomwe tikufuna ndi chapakatikati: soli ilole phazi kutembenuka mukafuna kutembenuka, koma igwire mukafuna kukankha pansi kapena kuima. Ikagwira kwambiri bondo limavutika, ikaterera kwambiri mumayamba kuvina mouma, zala mutazipinda mkati mwa nsapato, masitepe aang'onoang'ono a mantha, ndipo mawa lake katumba ndi mkati mwa ntchafu zimakhala zikuwawa.

Pali kayesedwe kosavuta komwe ndimauza aliyense kuti azichita akangofika pamalo, nyimbo isanayambe nkomwe. Imani pa phazi limodzi, bondo lopinda pang'ono, nyamulani chidendene pang'ono chabe, kenako tembenukani theka pang'onopang'ono. Mukamva bondo likukokedwa phazi lisanayambe kuyenda, kapena soli ikulira kuti tswii, pamenepo pagwira kwambiri. Mukapitirira pomwe mumafuna kuima, paterera. Kenako pondani sitepe imodzi yaitali cham'mbali ndi kuima mwadzidzidzi, phazi likapitirira lokha ndi masentimita angapo ndiye mwadziwa kuti lero masitepe akhale afupiafupi. Chitani zimenezi pakati pa fulo ndi m'mbali momwe, chifukwa pakati pamene anthu amavina kwambiri sipafanana ndi m'makona.

Tsopano za suwedi. Ndi chikopa chomwe, koma mbali yake ya ubweyaubweya, yopyapyala, milimita imodzi kapena ziwiri basi. Tiubweya timeneto ndi timene timagwira ntchito. Pa matabwa osalala timagwira mokwanira kuti mukankhe, koma mukapotoza phazi timagona ndi kukulolani kuzungulira, ndipo chifukwa chikopacho ndi chopyapyala mumamva pansi ngati mwavala sokosi yokhuthala chabe. Ndi chifukwa chake ovina wolutsi, chachacha, salisa ndi ena otero amamukonda. Vuto lake ndi lakuti tiubweyato timatola chilichonse, fumbi, polishi wa pa fulo, chakumwa chomwe wina wataya. Pakapita masiku mukatembenuza nsapato mupeza pa nkhwawa paja pada, pasalala ndipo pakunyezimira. Ambiri amaganiza kuti soli yatha, ayi sinathe, yangomatirira dothi. Pamafunika kabulashi ka waya kaja ka mano afupiafupi, kamene amagulitsa limodzi ndi nsapato zovinira. Mumakanda pang'onopang'ono mpaka tiubweya titadzukanso ndi mtundu wake kubwerera, osati mwaukali chifukwa kukanda kulikonse kumachotsako kachikopa pang'ono. Chitireni pamwamba pa bini kapena panja pa fulo, zinyalala zakezo zisagwere pomwe anzanu akuvina. Ndipo bulashiyo ndi imene imakupatsani mphamvu yosintha: fulo ikakhala yoterera kandani bwino, ikakhala yomata musakande nkomwe, isiyeni soli ili yosalala choncho.

Adani a suwedi ndi awiri, madzi ndi simenti yokhakhala. Akanyowa amamata pansi kwa kanthawi, kenako akauma amalimba ndi kuuma gwa, pena mpaka guluu kumatuka m'mphepete. Pa simenti kapena pa njerwa zoyala, tiubweya timatha ngati mukupala ndi sandipepala, ndipo mutha kuona bowo pa nkhwawa pakutha pa phwando limodzi. Nchifukwa chake nsapato za suwedi sitiyenda nazo pamsewu, timazinyamula m'kachikwama ndi kukavalira pa fulo pomwepo, olo kupita ku bafa ndi bwino kusintha chifukwa pansi pake pamakhala ponyowa.

Pa matailosi mpomwe pamavuta kunena chimodzi, chifukwa matailosi amasiyana ndipo amasinthanso usiku womwewo. Onyezimira aja akakhala ouma ndi kafumbi pang'ono amaterera koopsa, suwedi wosakanda pamenepo akugwetsani. Koma anthu akachuluka, chipinda chatentha, thukuta ndi chinyezi zatsika pansi, matailosi omwewo amayamba kumata, mpaka kutembenuka kamodzi kumafuna mphamvu. Onjezerani zakumwa zotayika ndi mizere ija ya pakati pa tailosi ndi tailosi yomwe imakola hilu yopyapyala. Pamalo otere ine ndimasankha soli ya chikopa chosalala, chija cholimba cha nsapato za suti, kapena soli yolimba ya pulasitiki yosalala imene opanga nsapato zovinira amaika pa zovinira panja. Chikopa chosalala sichimwa zotayika msanga ngati suwedi, mumangopukuta ndi kansalu, ndipo pa simenti yosalala chimazungulira bwino osatha msanga. Chikakhala chatsopano chimaterera mopitirira, ndiye muyambe mwayenda nacho pa simenti yokhakhala kwa mphindi zochepa kuti chikandike pang'ono. Pa matabwa opolishidwa kwambiri chimathamanga kuposa suwedi, ovina tango ambiri amachikonda chifukwa cha zimenezo popeza gule wawo ndi wotembenukatembenuka pa phazi limodzi, koma kwa inu amene mukuphunzirabe kuzungulira kawiri katatu chikhoza kukuthawani.

Simenti yokhakhala yeniyeni, ija yoti mukakhudza ndi dzanja imakanda, palibe soli imene ingaikonze. Pamenepo sinthani kavinidwe basi. M'malo mozungulira pa phazi limodzi, tembenukani ndi masitepe, phazi lililonse mukulinyamula ndi kuliika poloza kale komwe mukupita, ndipo muuzeni amene akukutsogolerani kuti lero kuzungulira kawiri ayi. Wotsogolera wabwino amamva yekha kuti pansi pavuta, koma si onse, ndiye kunena si mwano. Kizomba pano ili ndi mwayi chifukwa ndi gule woyenda, alibe kuzungulira kothamanga kwambiri, ngakhale kuti kutembenuka pang'onopang'ono pa phazi losenza thupi kulimo ndithu ndipo nako kumafika pa bondo. Chinanso cha simenti ndi matailosi ndi chakuti pansi pake sipabweza. Fulo yeniyeni yovinira imakhala ndi matabwa okhala pa timitengo kapena timalabala, mukaponda imatsika pang'ono osaoneka ndi maso, ndiye imalandirako kulemera kwanu. Simenti siilandira kanthu, zonse zimabwerera ku akakolo, msongolo ndi msana. Nsapato ya soli yopyapyala pamenepo imatopetsa msanga, choncho ya ku maphwando ija ikhale ndi kofewa mkati, olo muike kansoli kopyapyala kowonjezera pansi pa nkhwawa.

Za kupindika anthu amalakwitsa kwambiri, amaganiza kuti nsapato yovinira yabwino ndi imene imapindika paliponse. Chofunika ndi pomwe ikupindikira. Itengeni m'manja, dzanja lina ku hilu lina ku zala, mupinde. Iyenera kupindika mosavuta pa mzere womwe zala zanu zimapindira, pa nkhwawa paja, chifukwa gule yense wa mtundu uwu amachitikira pamenepo, kukwera pa zala, kukankha, kutembenuka. Ikakana kupinda pamenepo, monga zimachitira nsapato za soli yokhuthala zija, phazi limatera lonse nthawi imodzi ndipo kulemera kwanu kumabwerera ku chidendene, kuzungulira kumakhala kopendama. Koma pakati pa nsapato, pansi pa mbali ya phazi yomwe siigunda pansi, nkhani ndi ina. Nsapato ya hilu imakhala ndi kachitsulo kobisika kochokera ku hilu kufika chapakati, kamene kamagwira hilu kuti isathawire kumbuyo kapena cham'mbali. Mu nsapato za salisa ndi chachacha kachitsuloko kamakhala kafupi kuti muthe kuloza zala ndi kupinda phazi, mu za wolutsi kamakhala kotalikirapo chifukwa kumeneko mumatera ndi chidendene pa masitepe aatali. Nsapato ya hilu ikapindika pakati penipeni, kapena mukaipotokola ngati mukufinya nsalu ndipo hilu ikupendama, isiyeni, imeneyo idzakupindani kakolo. Iikeninso pa tebulo ndi kuigunda pang'ono ndi chala cham'mbali, yabwino imabwerera ndi kuima chilili, hilu ili pansi penipeni pa pakati pa chidendene osati kumbuyo kwenikweni.

Palinso zija za soli yogawika pawiri, kachidutswa kutsogolo kachidutswa ku chidendene, pakati popanda kanthu. Zimenezo zimapindika kwambiri ndipo phazi limaoneka bwino pa siteji, ovina jazi amazikonda. Koma ntchito yonse yogwira phazi imatsalira minofu yanu, ndiye ngati mapazi sanalimbe, maola atatu pa matailosi mudzamva kupweteka pansi pa phazi mukadzuka m'mawa. Kwa munthu wa chaka chimodzi chovina ndimakonda soli yathunthu yofewa kutsogolo. Masinika ovinira nawo alipo, kunsi kwake si labala womata uja koma pulasitiki yolimbirako, ndipo ambiri ali ndi kabwalo kosalala pa nkhwawa kozungulirira. Amenewo ndi abwino pophunzira nthawi yaitali komanso pa fulo zolimba.

Hilu yokha ndingonena mwachidule. Za azimayi za salisa zimakhala pakati pa masentimita 5 ndi 7.5 nthawi zambiri, za abambo zimayambira pa 2.5 kufika cha pa 4. Poti mwakhala mukuvina ndi masinika ndipo bondo likudandaula kale, yambani ndi 5 kapena kutsikirapo, ya kunsi kotambalala, yokhala ndi lamba wogwira kakolo. Saizi ikhale yogwira bwino kuposa nsapato yoyendera, phazi lisamasewere mkati, chifukwa soli olo ikhale yabwino bwanji, phazi likamatembenuka mkati mwa nsapato nsapatoyo isanatembenuke, mwabwerera pa vuto lomwe lija kuphatikizapo matuza.

Tibwere ku siteji yanu, chifukwa mpomwe pali ngozi yeniyeni mwezi wamawa. Chimphasa chakudacho ndi vinilo, ovina ambiri amangochitchula kuti Marley. Anachipangira makamaka ovina bale ndi magule a makono a pa siteji, kuti asaterere ndi nsapato zawo za nsalu kapena opanda nsapato, ndiye mwachibadwa chimagwira kuposa matabwa. Masinika anu a labala pamenepo ndiye ayi ndithu, adzamata kuposa paliponse pomwe munavinapo. Suwedi amayenda, koma mudzamva kuti ndi wolemera, kuzungulira komwe mu holo kumatuluka kawiri mosavuta pamenepo kutha kuthera pa kamodzi ndi theka, mnzanu nkukhala akukukokani dzanja kuti mumalize, ndipo mphindi imeneyo ndi imene bondo limapotokoka. Magetsi a siteji akatenthetsa vinilo amafewerako ndi kugwira kwambiri, choncho mmene munamvera masana poyeserera si mmene padzakhalire usiku magulu ena atavinapo kale.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Gulani ya suwedi sabata ino, osadikira sabata ya chionetsero, ndipo muzivinira mu holo ya matabwa pa phunziro lililonse kuti chikopa cha pamwamba chizolowere phazi lanu ndi thupi lizolowere hilu. Masiku oyamba mudzamva ngati mukuterera kwambiri chifukwa miyendo yanu inazolowera kukankha mwamphamvu kuti igonjetse labala, chepetsani mphamvu yoyambira kuzungulira, muona kuti pang'ono pokha pakukwana. Sabata yomaliza musakande soli, isiyeni isalale pa nkhwawa, chifukwa pa vinilo soli yosalalayo ndi imene idzakuthandizeni. Bulashi munyamule ndithu, ngati mutapeza kuti vinilo wawoyo ndi wa mtundu woterera kapena ali ndi fumbi, kukanda ndi kwa mphindi imodzi, pomwe kusalaza soli yomwe mwakanda kale kumafuna nthawi. Pemphani nthawi yoyeserera pa siteji yeniyeniyo ndi nsapato zomwezo, ndipo muyang'ane pomwe mphasazo zalumikizana, pamakhala tepi. Tepi imagwira mosiyana ndi vinilo ndipo m'mphepete mwake mukhoza kukola hilu, ndiye ngati kuzungulira kwanu kwakukulu kukugwera pa mzere umenewo, sunthani malo ndi sitepe imodzi. Mukaona kuti kawiri sikakutuluka mosakakamiza, gwirizanani ndi mnzanu kuti pakhale kamodzi koyera, oonera sadziwa kuti munakonza kawiri. Funsaninso oyang'anira siteji ngati amafuna tizivindikiro ta pulasitiki ta pa hilu, chifukwa hilu yopyapyala imaboola vinilo, ndipo ngati atero yeserani nato kale popeza nato timagwira pansi pang'ono. Yang'anani kansonga ka hilu kuti msomali sunatulukire, ukatulukira umang'amba vinilo, umakanda matabwa, ndipo pa matailosi umaterera.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, musathire kanthu pa fulo. Ena pakamata amawaza pawudala, pakaterera amathira madzi kapena chakumwa chotsekemera ndi kupondamo. Pawudala samakhala pamalo amodzi, mapazi amamufalitsa, ndiye pamakhala zigawo zoterera pakati pa fulo yomata, ndipo munthu amene akubwera osadziwa ndi amene amagwa. Fulo yosafanana ndi yoopsa kuposa yoterera yonse, chifukwa yoterera yonse thupi limaizolowera. Utomoni uja ovina bale amapaka pa matabwa nawo suloledwa pa vinilo, umamatirira ndipo kuchotsa kwake nkovuta. Konzani nsapato yanu, fulo ndi ya anthu onse.

Ya maphwando ija siikufuna kuti mugule yodula. Ngati muli ndi nsapato yogwira bwino phazi, yopindika pa nkhwawa, yokhala ndi lamba kapena zingwe, wosoka nsapato atha kuikapo chikopa chosalala chopyapyala kunsi. Olo masinika anuwo mutha kuwasandutsa ophunzirira pa matabwa powamata suwedi, bola kunsi kwake kukhale kosalala kopanda mano akuluakulu. Mumatsuka soli ndi kuiumitsa, kuipala ndi sandipepala kuti guluu agwire, kujambula soliyo pa chikopa ndi kudula mokulirapo pang'ono. Guluu ndi uja wa osoka nsapato wopaka mbali zonse ziwiri, mumapaka mopyapyala pa soli ndi pa mbali yosakhala ya ubweya wabwino ya chikopa, kudikira mphindi 10 mpaka 15 kuti asamamatirire ku chala, kenako kulumikiza kuyambira ku zala kubwerera kumbuyo, kamodzi kokha chifukwa akagwira sasuntha. Menyani ndi hamala pang'onopang'ono makamaka m'mphepete, dulani zotsalira, ndipo dikirani maola 24 musanavine. Pakamatuka pamayambira kutsogolo kwa zala, ndiye muzipayang'ana, kachikopa kolendewera pamenepo kamapunthwitsa.

Bondolo, mukasiya labala ndi kuyamba kutembenukira pa nkhwawa chidendene chili m'mwamba pang'ono, bondo likuloza komwe zala zaloza, kuwawa kochokera ku kumata kwa soli kumayenera kuyamba kuchepa pakapita masabata ochepa. Koma ngati likutupa mukavina, likukakamira osafuna kuwongoka, likulira ndi ululu, kapena mukumva ngati likufuna kukugwetsani potsika masitepe, musadikire nsapato yatsopano kuti ichiritse, kaonaneni ndi dokotala kapena wa zolimbitsa mafupa ndi minofu chionetsero chisanafike, ndipo mpaka atakuonani yeserani gule wanu ndi masitepe otembenukira m'malo mwa kuzungulira pa phazi limodzi.